Kalata Yopempha Malo ku Mgodi Wapamtunda

Ntchito yanga inali yogulitsa majekete akale pamsika ku Kabwe, ndipo luso langa linali limodzi: pamene jekete labooka m'pamene ndimagwira ndi dzanja poonetsa wogula. Luso limeneli ndinalilowetsa pa kalata ya mlongo wanga, ndipo mpaka lero akandiyang'ana ndimakanda m'mutu.

Iye ndiye chitsirizira kwathu. Ankaphunzira za miyala ku yunivesite ku Lusaka, mtsikana yekha m'kalasi mwawo. Kuti amalize, ankayenera kukagwira ntchito pamgodi nthawi ya tchuthi chachitali n'kubwera ndi lipoti losainidwa ndi katswiri wa miyala wa kumeneko. Mgodi wathu wa mtovu, umene atate anaubwerera kuchokera ku Nyasalandi, unali wolowa pansi, ndipo akuluakulu ake sankalola mkazi kukwera chikepe. Chomwe chinamutsalira ndi mgodi wapamtunda wa ku Kopabeluti, chidzenje chotseguka chokumbidwa masitepemasitepe, kumene malo a ophunzira anali ochepa.

Kalatayo anailemba pamanja tili kwathu ku Makululu, komboni ya ku Kabwe. Anatchula dzina lake lonse, chaka chimene anali, miyezi ya tchuthi, ndi zimene ankafuna kukaphunzira: kujambula mapu a miyala ya m'zipupa za masitepe, kutola zitsanzo, ndi kuwerenga miyala yotulutsidwa ndi makina oboola. Anaphatikizapo kalata ya mphunzitsi wake yomuikira kumbuyo. Popeza ankabwerera kusukulu, anandisiyira kuti ndikaitayipitse n'kuiponya.

Kwa mayi wotayipa pafupi ndi positi ofesi ndinaiwerenga ngati wogula. Ndinaona kubooka kuwiri. Koyamba, dzina la mkazi, loti bwana akaliona aponya kalata m'dengu. Kwachiwiri, munthu waonetsa poyera kuti katundu wamukonda. Ndinauza mayiyo kuti asiye chilembo choyamba chokha cha dzina, ndipo awonjezere mzere wakuti wopemphayu ndi mwana wa munthu wa pamgodi wa ku Kabwe, ndipo sasankha, kulikonse kuli malo apita. Kalata ya mphunzitsi, imene inkamutchula kuti mtsikana, ndinaipinda n'kuika m'thumba. Siginecha ndinakhwatcha ndekha. Mayiyo anandifunsa ngati mwini kalata akudziwa. Ndinati mwini kalata amadziwa miyala, anthu ndimawadziwa ndine.

Yankho linabwera kudzera m'bokosi la makalata la tchalitchi chathu, iye atafika kale patchuthi. Kampani, imene inali mwini wa migodi yonse iwiri, inamulandira. Inamutchula kuti bambo, ndipo inati popeza kwawo ndi ku Kabwe ndipo sasankha, akayambe Lolemba pamgodi wa konkuno, pansi, poti sipafunika kumupezera nyumba.

Anaiwerenga kawiri.

"Achimwene, bambo ameneyu ndani?"

Ndinatulutsa kalata ya mphunzitsi ija m'thumba, itafewa ndi thukuta. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

Lolemba tinapita ku ofesi yolemba anthu ntchito. Ndinavala jekete labwino kwambiri la pamulu wanga, poganiza kuti palibe mtengo umene sutsika. Mkulu wa mu ofesiyo anayang'ana kalata, n'kuyang'ana ine, n'kundifunsa saizi ya nsapato za jombo. Nditaloza mlongo wanga, anavula magalasi.

Ndinayamba monga ndimayambira. Ndinatamanda kampani, ndinatchula zaka zimene atate anathera pansi, ndinati mtsikanayu akavala ovolosi ndi chisoti ndani angamuzindikire. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Kenako anatsegula fayilo. Anati ku mgodi wapamtunda akazi amawalandira, chaka chathachi anali nayeko mmodzi, ndipo kalata ikanabwera ndi dzina lonse komanso umboni wa mphunzitsi akanaitumiza komweko. Koma malo anadzaza masabata atatu apitawo, ophunzira anayesedwa kale kuchipatala, ndipo mndandanda unasainidwa kulikulu.

Ndinaimirira n'kuyamba kupita kukhomo pang'onopang'ono. Pamsika ukatero amakuitana. Ndinafika mpaka pakhonde, palibe anandiitana. Nditasuzumira, ndinaona mlongo wanga ali chikhalire, akufunsa mwaulemu ngati angathe kukhala m'shedi mosungira miyala yoboola, konkuno pamtunda. Mkuluyo anati malo amenewo sali pa kalata, ndipo iye sangalembe chimene likulu silinalembe.

"Mayi, mulembenso chaka chamawa. Koma mulembe nokha," anatero, maso ali kwa ine.

Tchuthi chonsecho anathera ku Makululu. Anzake anali kumigodi, iye akutunga madzi, fumbi la ku chimulu cha zotsalira za mgodi likulowa m'nyumba ngati kwawo. Anapitiriza makalasi, koma popanda lipoti digiri yake inayenera kudikira chaka china. Atate ankauza anthu kutchalitchi kuti maphunziro a miyala ndi aatali.

Kalata yachiwiri anailemba mvula isanathe. Ndinadzipereka kukamugulira sitampa. Anati zikomo, ali nayo kale, ndipo ndinamuona akudutsa pamsika ndi envulopu m'manja, osayang'ana kumene kunali majekete.