Chithunzi Chachiwiri Sichinatseguke

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri ndinali kuphunzitsa Sitandade 8 pa pulayimale ina ya pa esiteti ya tiyi, cha kufupi ndi kwa Khwethemule. Mayeso a boma anali asanalembedwe, ndipo ahedi anatiuza kuti tisawasiye ana angokhala. Ndinatolera manambala a makolo ndi achibale amene anali ndi foni zotha kulandira zithunzi, ndinatsegula gulu la pafoni, ndipo Lolemba lililonse ndinkatumizamo ntchito. Anawo ankalemba mayankho m'makope, eni foni n'kujambula n'kundibwezera.

M'kalasimo munali mtsikana wina wa zaka khumi ndi zinayi amene ndinkamudalira kuti asankhidwa kupita kusekondale. Ankalankhula pang'ono, Chichewa chake cholemera ndi Chilomwe, koma pa Chingerezi panalibe womuposa. Bambo ake anamwalira. Mayi ake ankathyola tiyi, ndipo nkhani zonse za pabanjapo ankagamula ndi amalume ake, mlonda wa pa geti la fakitale. Foni imene inali pagulu langa inali ya amalumewo.

Lolemba lina ndinasankha nkhani ya Chingerezi yoti awerenge n'kuyankha mafunso khumi. Inali yaitali, yosatheka kulowa m'chithunzi chimodzi popanda zilembo kuchepa ngati nyerere. Ndinaijambula magawo atatu, mafunso n'kukhala chithunzi chachinayi. Inali nkhani ya dalaivala wa basi amene anaima mwadzidzidzi asanafike pa mlatho, anthu n'kuyamba kumulalatira. Gawo lapakati ndi limene linkafotokoza kuti anaona mng'alu pa mlathowo, anatsika, n'kuimitsanso lole imene inkabwera kutsidya. Gawo lomaliza linkangonena za anthu akufika kwawo mochedwa, ena akumugwira chanza dalaivalayo. Zithunzizo sindinazilembe manambala. Sindinanenenso kuti zilipo zingati. Ndinatumiza, ndinakachapa zovala.

Mayankho a mtsikanayo anafika Lachitatu. Mafunso atatu oyamba anakhoza bwinobwino. Koma pa funso lachinayi, lofunsa chifukwa chimene dalaivala anaimira, analemba m'Chingerezi chake choyera kuti nkhaniyo sinanene. Pa lachisanu, lofunsa zimene dalaivala anachita atatsika, analemba zomwezo. Lachisanu ndi chimodzi linkafuna tanthauzo la liwu lina la m'ndime yachinayi, ndipo iye analemba kuti liwulo mulibe. Anapitiriza choncho mpaka lachisanu ndi chitatu. Lachisanu ndi chinayi anakhoza. Lakhumi, loti apereke mutu wa nkhaniyo, analemba kuti "Dalaivala wosamvetsetseka."

Ndinaona ngati mwano wa mwana amene wazolowera kutamandidwa. Ndinalemba pagulu pomwepo, pamene makolo onse ankawerenga, kuti wapeza anayi pa khumi, ndi kuti ngati watopa ndi sukulu anene. Ndinkati ndikumudzutsa.

Sabata yotsatira sanatumize kanthu. Inayonso ayi. Ana ambiri anali atagwa ulesi nthawi imeneyo, choncho sindinafufuze.

Sukulu zitatsegulidwa, pa desiki yake panakhala wina. Anzake anandiuza kuti ali ku Limbe, akugwira ntchito yolera ana pakhomo pa anthu ena. Loweruka m'mawa ndinayenda kupita ku malaini a antchito kumene mayi ake ankakhala. Kunali kamvula ka chiperoni, tiyi yense atanyowa, ndipo ndinafika nsapato zitalemera ndi matope ofiira. Mayiwo ndinawapeza akusoka chingwe cha dengu lawo lothyolera. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pansi.

"Mwana ali kuti, mayi?"

"Anapita, madamu. Achimwene ndi amene anakonza."

"Osandiuza ine?"

Anayang'ana dengu lija. "Si inu munanena kuti watopa ndi sukulu? Achimwene anawerengera anzawo pa geti, anthu anaseka. Anabwera kuno n'kunena kuti ngakhale aphunzitsi ake aona okha."

Anatuma mwana wa oyandikana nawo kukaitana amalumewo, amene anali atangoweruka. Anabwera atavalabe jekete la ulonda. Sanali munthu waukali. Anandilonjera mwaulemu, n'kufotokoza kuti nkhani ya ku Limbeyo inalipo kale, mayi wina wa kutchalitchi ankafuna mtsikana, koma iwo ankakana chifukwa ankamva kuti mwanayo ndi wanzeru.

"Koma nditaona anayi pa khumi aja, ndinati tikudzinamiza," anatero. "Iye ankalira, akuti nkhaniyo inali yoperewera. Ine ndinati aphunzitsi sangatumize chinthu choperewera."

Ndinapempha kuona foni. Anatsegula gulu lija, n'kubwerera m'mbuyo mpaka Lolemba limenelo. Chithunzi choyamba chinalipo. Chachitatu ndi chachinayi zinalipo. Chachiwiri chinali chimbuuzi chokhachokha, pakati pake pali kamuvi koloza pansi.

"Ichi bwanji?" ndinafunsa.

"Chinakana. Ku geti kuja netiweki imabwera n'kuthawa. Mwanayo anandifunsa, ine ndinayang'ana n'kuona kuti chikufanana ndi choyambacho, pepala loyera la mizere yakuda. Ndinamuuza kuti amadamu ajambula kawiri chimodzimodzi."

Ndinawerenga zimene mtsikanayo anawerenga. Chithunzi choyamba chinathera pa mpumiro, anthu akulalata m'basi. Chachitatu chinayambira pa ndime yatsopano, basi ikufika kumudzi. Ukaziphatikiza zinkamveka ngati nkhani yathunthu, yachilendo pang'ono koma yathunthu. Mafunso amatsata nkhani kuyambira pamwamba kutsika, ndipo asanu apakati aja onse mayankho ake anali m'chithunzi chimene iye sanachione. Lakhumi lija sakanalikhoza popanda kudziwa za mng'alu. Mwana wina akanangopeka mayankho. Iye analemba zoona, kasanu konse, ndipo ine amene ndakhala ndikuchonga makope zaka zambiri sindinadzifunse kuti zatheka bwanji mwana kukhoza kumayambiriro ndi kumapeto, n'kulephera pakati pokha.

Amalumewo anagunda kamuvi kaja ndi chala. Pakhomo pamenepo netiweki inalipo. Chithunzicho chinatseguka nthawi yomweyo.

Tonse atatu tinachiyang'ana. Kenako ndinawauza kuti wolakwa ndine, ndipo ndinawapempha kuti amuitanitse mtsikanayo, mayeso anali asanafike. Amalumewo anakanda kumutu, anati anapangana ndi anthu aja chaka chathunthu ndipo sangaoneke abodza kutchalitchi. Komabe anavomera kuimba. Anayankha ndi mayi amene ankamugwirira ntchito ku Limbe, ndipo patapita kanthawi ndinamva mawu a mtsikanayo, kumbuyo kwake khanda likulira.

"Ndi ine aphunzitsi ako. Chithunzi chimodzi sichinatseguke. Unalondola, ine ndi amene ndinalakwitsa."

"Chabwino, madamu."

"Ubwere udzalembe mayeso. Ndilankhula ndi ahedi."

"Makope anga amayi anayatsira moto," anatero. Kenako anati akuitanidwa, foni n'kuduka.

Madzulo a tsikulo ndinalemba pagulu lija kuti ndinamulakwira mwanayo, ndipo ndinafotokoza zonse. Gululo linali litazirala, sukulu zitatsegulidwa anthu ambiri anali atatulukamo. Palibe anayankha.

Ndinaimbanso kawiri mwezi umenewo. Kachiwiriko mayi wa pakhomopo anandipempha mwaulemu kuti ndisiye kumusokoneza mtsikana wawo. Dzina lake linali kale pa mndandanda wa olemba mayeso, ndipo masiku onse atatu a mayesowo desiki yokhala ndi nambala yake inakhala yopanda munthu. Chaka chotsatira mayi ake anasamukira ku esiteti ina cha ku Mulanje. Amalumewo ndimakumana nawo nthawi zina pa msika wa pa Boma. Ulendo watha anandiuza kuti mtsikanayo anakwatiwa ku Bangwe, ali ndi mwana mmodzi, ndipo amagulitsa tomato.