Alamu anga ndi bulugamu wa apongozi

Alamu anga, amuna a chemwali anga, amadula mitengo. Sindikunena zodula nkhuni ayi. Iwo amaitanidwa mtengo ukakula pakati pa nyumba, pamene aliyense akuuyang'ana n'kumangopukusa mutu. Anzawo amawatcha a Nyalugwe chifukwa cha kukwera, koma mutakumana nawo pamsewu mungaseke: munthu wamfupi, miyendo yamatewe, mawu ngati akupempha mchere kwa aneba. Ine ndimawaseka kuti chemwali anawatola pamtengo wotsitsa. Amangomwetulira.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, akukoka zingwe pansi. Phewa lawo lamanzere ndi lotsika chifukwa nthambi inawagwetsapo, ndipo nkhani imeneyo saibisa, komanso saikometsera. Chimene ndinkadana nacho mwa iwo n'chakuti sadziwa kudzigulitsa. Ine ndili ndi saluni, ndipo kasitomala akalowa ndimamuuziratu kuti akatuluka muno mwamuna wake samuzindikira. Ndinkaona ngati alamu ndi ogona. Ndinasiya kuganiza choncho pa nkhani ya apongozi anga.

Apongozi, amayi a amuna anga, amakhala okha. Kuseri kwa chipinda chawo chogona kunali bulugamu wamkulu, woti anthu awiri sangamukumbatire. Itawomba mphepo yamkuntho, mtengowo unapendekera kudenga, dothi la patsinde n'kung'ambika. Mvula ina ikanangobwera, ukanawagwera ali pabedi. Tinawapempha kuti asamukire kwathu, anakana. Tinati mtengo udulidwe, anati abwere wodula amuone kaye.

Apongozi anagwira ntchito yotelala moyo wawo wonse, ndiye malonjezo a anthu amawadziwa ngati nsalu yabodza. Wodula woyamba anabwera ndi makina atsopano ochekera mitengo, n'kudziguguda pachifuwa kuti iye sanaphonyepo, mtengo ngati umenewo ndi chakudya cham'mawa. Apongozi anati munthu amene sanaphonyepo adzayambira panyumba pawo, ndipo anamutsanzika. Wachiwiri anazungulira mtengo akukanda m'mutu, amvekere mwina, kapena, tingoyesa, zili kwa Mulungu. Apongozi anati nyumba yawo si yoyeserapo. Masiku akupita, mitambo ikuda, ife mitima ili m'mwamba.

Ndiye ndinakatenga alamu. Tisanakhale n'komwe pansi, amuna anga, pofuna kuthandiza, anayamba kuwatamanda.

"Mayi, awa ndiye katswiri. Palibe wina wofanana nawo. Mtengo amaugwetsa atatsinzina."

Ndinaona nkhope ya apongozi ikutseka ngati chitseko. Mumtima ndinati basi, zatha. Alamu akavomera matamandowo akhala ngati woyamba uja. Akayamba zoti ayi ine ndine wachabechabe, akhala ngati wachiwiri. Njira yotulukira sindinkaiona ine.

Alamu sanavomere, sanatsutse. Anati, "Mayi, ndiloleni ndiuone kaye mtengowo, ndisanayankhule."

Anauzungulira osafulumira. Anaugogoda ndi msana wa nkhwangwa, khutu lili pafupi, kumvetsera ngati uli ndi mphako. Anaponda dothi long'ambika lija, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, anapita kukagwedeza mtengo wa mango umene unali chapatali. Atabwerera anavula chipewa, n'kuwayang'ana apongozi m'maso.

"Mtengo uwu ndiudula, ndipo sukhudza nyumba yanu," anatero alamu. "Ndiyamba ndaumangirira ku mtengo wa mango uja kuti usapendekekenso. Kenako ndikwera, nthambi iliyonse ndiimanga chingwe ndisanaidule, anzanga aziitsitsa pang'onopang'ono. Thunthu likatsala lopepuka, tiligwetsera kumunda. Ndadulapo mitengo yopendekeka chonchi kambirimbiri. Thunthu la uwu ndi lolimba, ndalimva."

Kenako analoza m'mwamba.

"Koma nthambi iyo ili pamwamba pa bafa lapanja ndi yofumbwa. Sindingaipondepo, ndipo ikalendewera pachingwe ikhoza kuthyoka pakati. Imeneyo sindikulonjezani. Ikaphwanya malata a bafa, ndidzakhoma ena ndekha."

Mawu ake anali omwewo opemphera mchere, osakwera, osatsika. Sanatchule odula ena, sanadzitche dzina lililonse. Pamene anali otsimikiza sanaikepo mwina, ndipo pamene sanali otsimikiza ananena malo ake enieni.

Apongozi anafunsa, "Bambo, munayamba mwaphonyapo?"

"Eya, mayi. Phewa ili. Ndinakhulupirira nthambi ndisanaiyese. Ndiye chifukwa chake iyo ndaikana."

Apongozi anauza amuna anga kuti atulutse mpando wawo auike pabwalo. Kumeneko kunali kuvomera.

M'mawa mwake alamu anabwera ndi anzawo awiri. Munthu wamatewe uja atangovala lamba n'kugwira thunthu, anasanduka wina. Anakwera ngati pali masitepe amene ife sitikuwaona. Makina akalira, nthambi yaikulu ngati bedi inkalendewera m'mwamba pamwamba pa denga, n'kutsika mwaulemu mpaka pansi. Ine pakamwa pangokhala yasa. Apongozi mpando uja sanaukhalire. Anaima kumbuyo kwake ataugwira zolimba.

Itafika nthawi ya nthambi yofumbwa, alamu anakuwa kuti aliyense atalikire bafa. Anaimanga patsinde pake pamene panali pabwinoko, anadula, ndipo itangolendewera inathyoka pakati. Chidutswa chinagwera pa bafa, phwaa, malata n'kupindika ngati pepala.

Amuna anga anagwira kumutu. Ine ndinathamangira kwa apongozi poopa kuti aimitsa ntchito mtengo uli theka, umene uli woopsa kuposa poyamba. Ndinawapeza akukhala pampando, koyamba tsiku limenelo.

"Yagwera pamene ananena," anatero apongozi. "Ndiye zinazo zichitikanso monga ananenera. Khala pansi, mwana wanga, ukunditchinga."

Ndinakhala pansi. Chinthu chimene chinawonongeka n'chimene chinawakhazika mtima pansi.

Thunthu litatsala lokha, alamu anatsika. Anasema kamwa patsinde pake, mbali ya kumunda, anacheka kumbuyo chapamwamba pang'ono, n'kusiya kachigawo kosadula pakati kuti kaliwongolere, anzawo akukoka chingwe. Linaima kanthawi ngati likuganiza, kenako linagona kumunda, nthaka n'kugwedezeka mpaka m'mawondo mwathu. Aneba amene anadzaza kumpanda anaomba m'manja. Wina anawafunsa alamu kuti amatha bwanji zoterezi. Iwo, akupukuta thukuta, anati ntchitoyi amaidziwa, komanso anali ndi anthu abwino pa chingwe. Kenako anapita kukayeza malata a bafa.

Apongozi sanaombe m'manja. Anadzuka n'kulowa m'nyumba, ine ndikuwatsatira. M'chipinda mwawo munali kuwala kumene sindinakuonepo, dzuwa litagwera pabedi. Anakhala m'mphepete mwa bedilo.

"Chiwombereni mphepo ija sindinagone," anandiuza. "Ndimangomvetsera mtengo ukulira. Ndimaopa, mwana wanga, koma ndinalibe woti ndimukhulupirire."

Ndinapita kukawatungira madzi akumwa, misozi ikulengeza. Pobwerera ndinawapeza atagona tulo tofa nato, nsapato zili kuphazi, masanasana, kunja makina akulira pokonza thunthu.