Kalata Imene Ndinaivinira Pachabe

Chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ine ndinali kugwira ntchito yokolopa ndi kuchapa nsalu pa kachipatala ka bungwe lina, cha kumunsi kwa Lisungwi. Bambo a ana anga anali atatisiya, ndipo ana anga atatu ndinawasiya kwa mng'ono wanga ku Magaleta. Ndinkawaona kamodzi pa mwezi, mwina osawaona n'komwe mvula ikawononga msewu. Wamng'onoyo tsiku lina anandiitana kuti "azakhali", ndipo ndinalira njira yonse pobwerera.

Bungwe lomwelo linali ndi kachipatala kena kufupi ndi kwathu. Ndinalemba kalata yopempha kuti andisamutsire kumeneko, ndinaiika m'manja mwa Mulungu, n'kuipereka. Patapita miyezi iwiri, yankho linabwera kuchokera ku likulu, mu envulopu ya khaki, dzina langa litatayipidwa bwinobwino. Chingerezi changa n'cha Sitandade 7, koma ndinawerenga pang'onopang'ono mpaka ndinamva. Kalatayo inati pempho langa alilandira, akuthokoza chifukwa cha khama langa pa ntchito, ndipo aliganizira mpata ukapezeka.

Abale anga, ndinavina! Kwa ine munthu wamkulu akati aganizira, ndiye kuti zatheka, kwatsala n'kumanga katundu. Lachinayi pa msonkhano wa amayi kutchalitchi ndinaimirira n'kupereka umboni, amayi n'kululutira. Ndinatumiza uthenga kwa mng'ono wanga kuti anawo asavutike, ndikubwera. Kenaka ndinapita kwa bambo ena achikulire amene ankandibwereka munda kuseri kwa chipatala, ndinawathokoza ndi nkhuku, n'kuwauza kuti chaka chino sindilima. Umenewo unali mwezi wa Okutobala, anthu ali kalikiliki kugalauza.

Pa chipatalapo panali amayi ena olemba pa taipi, aakulu kwa ine, ovala magalasi omangirira ndi ulusi. Tinkamwa limodzi tiyi wa teni koloko pa khonde, ndipo ndinkawaitana kuti achemwali. Atamva za umboni wanga anandiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Tabwera nayo kalatayo, mayi wosamuka iwe," anatero.

Ndinaitulutsa m'Baibulo mmene ndinkaisunga. Anaiwerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kodi tsiku lonyamuka lili pati apa?"

"Sanalembe, achemwali."

"Nanga dzina la munthu woti ukamuonekere ukafika?"

"Palibe."

"Ndiye nkhuku unapereka kwa eni munda ija yafera chiyani?"

Ndinaseka. Iwo anatsegula kabati n'kutulutsa faelo ya makope a makalata amene ankawatayipira akuluakulu a pamalopo. Mayina anawaphimba ndi dzanja, poti zinali za eni. Anandionetsa imodzi: munthu akayambe ntchito pa tsiku lakuti, akaonekere kwa wakuti, atenge zikalata zakuti.

"Iyi ndiye inde," anatero. "Inde amabwera ndi tsiku lake, ndiponso amakupatsa chochita. Tsono taona izi."

Zinali zambiri, zina zitafiira ndi kukalamba. Tiganizira. Tidzakudziwitsani. Pakadali pano n'zovutirapo. Tasunga kalata yanu m'faelo.

"Zonsezi ndatayipa ndi zala zangazi. Woitanidwa pambuyo pake sindikumukumbuka, kupatula mmodzi kapena awiri."

"Ndiye bwanji osangonena kuti ayi?" ndinafunsa, misozi ili m'maso. "Kunamiza munthu wamasiye, eti?"

"Sakukunamiza, mwana wa amayi. Akukukana atakufunditsa nsalu. Iwe, mnyamata wosamufuna akadzatumiza amalume ake kudzafunsira mwana wako, udzawauza kuti chokani? Udzati tamva, tikambirana kaye. Iwo akamadzatuluka pa mpanda adzakhala atadziwa. Ku ofesi n'chimodzimodzi. Safuna kukuchititsa manyazi, safuna uwadane nawo poti mawa mugwira ntchito limodzi, ndiponso sadziwa za chaka chamawa, ndiye chitseko amachisiya chongotseka osakhoma."

Ine ndinagwira pomwepo. "Ndiye kuti mwina chitseguka?"

"Mwina. Nthawi zina amaganiziradi. Njira yodziwira ndi imodzi: funsa mwaulemu kuti uyembekeze mpaka liti, ndipo ubweretse chiyani. Akakupatsa mwezi, kapena akakuuza kuti lemba fomu iyi, nkhani yako ili moyo. Akangobwereza mawu okomawo, bwerera ku khasu lako."

Sabata yotsatira kunabwera bwana wa ku likulu, yemwe anasaina kalata ija, kudzayendera chipatala. Ndinapemphera m'chipinda chochapira, ndinapukuta manja, n'kuwadikira pafupi ndi galimoto. Ndinagwada pang'ono.

"Pepani bwana, ndine uja ndinapempha zosamukira kwathu. Ndimati ndidziwe, ndiyembekeze mpaka mwezi uti? Kapena pali chikalata choti ndibweretse?"

Anali munthu wabwino, sindingawanenere choipa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Aa, mayi, inu timakudziwani, ntchito yanu ndi yaukhondo kwambiri. Nkhani yanu tikuiganizira. Tiona mmene zikhalire."

Mwezi sanatchule. Chikalata sanatchule. Maso awo anali kwa dalaivala. Ndinawathokoza, ndipo ndinathokozadi kuchokera pansi pa mtima, chifukwa tsopano ndinali nditamva. Nditacheuka ndinaona achemwali pa windo akupukuta magalasi awo ngati sakuona kanthu.

Madzulo ake ine ndi achemwali tinakhala pa khonde. Ndinati ngati ine sindipita kwa ana, ana abwere kwa ine. Sukulu inalipo pafupi, fizi kunalibe. Koma ana atatu sadya mawu okoma, ndipo munda ndinali nditabweza ndi manja anga. Kumwamba mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku mapiri.

M'mawa ndisanalowe ntchito ndinapita kwa bambo a munda aja. Ndinawapeza akusula mpini pansi pa mtengo wa masau. Ndinafotokoza zonse, manyazi ndi umboni womwe. Iwo anamvetsera, anakanda m'mutu, n'kunena kuti mundawo mphwawo anali atauyamba kale mbali ina.

"Komabe ndamva, mayi. Ndiganizira."

Kale ndikanawomba m'manja n'kubwerera ndikuimba. Tsiku limenelo ndinakhalabe pansi.

"Zikomo bambo. Koma mvula ili pafupi. Ndidzabwere liti kudzamva?"

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu mayi, akuphunzitsani ndani zimenezi? Chabwino. Mawa mubwere ndi khasu. Kuyambira pa chulu kutsikira kumtsinje ndi kwanu. Koma nkhuku ija tinadya, musaifunse."

Mawa, khasu, pa chulu. Ndinathamanga kukawauza achemwali, ndipo iwo anati, "Imeneyo ndiye ukapereke umboni."

Ndinapitadi Lachinayi. Ndinauza amayi kuti ulendo uja kulibe, ndinavina msanga. Ena anaseka, ine ndinaseka nawo, ndipo Loweruka anayi mwa iwo anabwera ndi makasu kudzandithandiza kupanga mizere. Mvula yoyamba inatipeza titamaliza. Sukulu itatsekera, mng'ono wanga anabwera nawo ana pa matola, tizovala tawo tili m'thumba la feteleza.

Kusamuka kuja sikunabwere mpaka ndinapuma ntchito. Kalatayo ikadali m'Baibulo langa, pa Masalimo, ndipo ndikaiona ndimawapempherera achemwali aja, amene anagona kale. Pa khonde lomwe lija la tiyi, tsiku limene anawo anafika, wamng'ono uja anayamba wabisala kumbuyo kwa mkulu wake. Kenaka anatuluka, anagwira chitenje changa, n'kunena kuti, "Amayi, ndili ndi ludzu."