Masiku Atatu a Malemu a Pilato

Mai Lettie sanaphunzirepo zogulitsa zitenje. Kashopu ka pa Chonde kanali ka amuna awo, a Pilato, munthu wouma manja amene ankaoda katundu ku Milange. Chitenje chimodzi chinkawadyera K4,000 pamodzi ndi thiransipoti, n'kumagulitsa K6,000.

Kutsitsa mtengo ankatsitsa ndithu, koma mwaumbombo. Ankadikira pakati pa mwezi, a ku esiteti ya tiyi atauma m'matumba, n'kukoloweka katoni yolembedwa kuti MASIKU ATATU OKHA. Ankachotsa K500 basi, pa zitenje zokhalitsa zokha.

"Faivi handiredi imeneyi ikuchoka pa phindu langa, osati pa Mpwitikizi wondigulitsa ku Milange uja," ankatero a Pilato. "Pamene ndimagulitsa zitatu, ndigulitse zinayi kuti ndingofika pomwe ndinali."

Tsiku lachinayi katoni inkabwerera kuseri kwa shelefu, kaya wina alire.

A Pilato atamwalira, maliro anadya ndalama, lendi ya shopu n'kutsalira. Mai Lettie anatsegula shopu mutu uli zii. Sankamva chisoni, sankamvanso njala. Anatulutsa katoni ija n'kulemba pansi pake K4,500, zitenje zonse. Ankaona ngati K500 yotsalayo ndi phindu ndithu. Zoti afunika kugulitsa zinayi kuti apeze zomwe chimodzi chinkabweretsa, sanaziwerengere.

Ndiye anthu athu mukuwadziwa. Mtengo wotsitsa kale amauyesa poyambira kunenerera.

"Tichotsereniko pang'ono, mayi. Ife tinagonatu pamaliro paja," anatero a Rosemary, othyola tiyi.

Munthu wogona pasiwa pako ungamukanize bwanji? Chitenje chinapita pa K4,000, anzawo naonso chimodzimodzi.

Masiku atatu anakwana, katoni osachoka. Zilembo zija zinali za dzanja la a Pilato, ndipo mayiwo analibe mphamvu yozibweza kuseri. Mwezi unatha, a ku esiteti analandira, ndipo amene akanagula pa K6,000 osadandaula anatenga ziwiriziwiri pa mtengo wa maliro. Shopu inadzaza anthu, oyandikana nawo mpaka kuchita nsanje.

Ndalama yomwe ankati akaodere zitenje zina ndi yomwe inalipira lendi ndi kugula chimanga. Ku Milange anabwerako ndi kamtolo konyamula m'khwapa. Atayesa kubwerera pa K6,000, anthu ankangogwira nsalu n'kuisiya.

"Tidikira mutsitsenso," ankatero.

Chimandipsetsa mtima n'chakuti palibe anaba kanthu. Aliyense analipira, n'kuthokoza.

Lero m'shopu muja muli ogulitsa mafoni. Mai Lettie amathyola tiyi, dengu kumsana, mzere umodzi ndi a Rosemary. Kutsogolo kwawo ndi kumbuyo kwawo akazi avala zitenje zomwe a Pilato anasankha okha ku Milange.

"Munatithandiza chaka chija, mayi," amatero a Rosemary. "Onani, mpaka pano sichinasuluke."

Mai Lettie amachiyang'ana chitenjecho. "Sichisuluka chimenecho," amayankha, manja akuthyolabe.