Malata a Malume

Chaka chimene mbatatesi zathu zinachita bwino, mudzi wonse unaona lole itaima pamwamba pa dimba, anyamata akupakira matumba. Ndalama ya mlimi siibisika. Ngakhale agalu amene ankandiuwa anayamba kundigwedezera mchira.

Patatha masiku atatu, kunafika malume, mlongo wawo wa malemu mayi anga, amenenso ali ankhoswe a banja langa. Ndinawaphera nkhuku. Anacheza za mvula, za ng'ombe yawo yotsimphina, za zipani zimene zinkagawa nsalu ku Kandeu, koma chimene anadzera osachitchula. Dzuwa litapendeka anadzuka nkunena kuti, "Mphwanga, tandiperekezako."

Kwathu nkhani yolemera imakambidwa panjira poperekezana, kumene kulibe makutu a ana. Ndipo malume ali ndi muyeso wawo umene tonse timaudziwa: amene amukonda amamuperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo, koma amene wawanyansa amamusiya pakhola pomwepo.

Titapitirira nthochi anayamba. Ankafuna ndiwakongoze ndalama ya malata makumi awiri, chifukwa anatopa nako kumweta udzu chaka ndi chaka. Adzabweza akagulitsa nyemba.

Ndalamayo inali itagawidwa kale: feteleza wa dzinja ndi fizi ya mwana wanga wamkazi wa Fomu 3. Komanso ndinali nditapsapo kale. Msuweni wanga wina ndinamukongozapo ndalama ya geni ya kaunjika, mpaka lero akandiona pamsika amakhotera kuseri kwa ma butchala. Ndalama ndinaiwala, koma nthabwala zake ndimazisowa. Malume sindinafune kuti nawonso adzayambe kundizemba, nyembazo zikadzakanika.

Bodza linali kale pamlomo, loti zonse zapita. Koma lole ija anaiona ndi maso awo. Ndinaganizanso zoti, "Ndikambe kaye ndi bambo a kunyumba," koma kumeneko kukanakhala kumupachika mwamuna wanga mlandu pamaso pa ankhoswe athu omwe. Zoti abwerenso mawa ndiye ayi. Munthu wamkulu sumuyendetsa maulendo atatu yankho uli nalo kale.

Ndinaima, nkunjuta pang'ono.

"Malume, ndamva, ndipo mwachita bwino kudza kwa ine. Ndalama ilipo, sindikunamizani. Koma ili ndi ntchito kale, feteleza ndi sukulu ya mdzukulu wanu. Kukukongozani sinditha."

"Ndiye kuti ukuyesa sindidzabweza?"

"Iyayi. Koma tsiku limene ndidzabwere kwanu, ndikufuna muzidzati kwabwera mwana, osati kwabwera mwini ngongole. Chimene ndingathe ndi ichi: ya malata awiri ndikupatsani, imeneyo si ngongole, musadzaitchulenso. Mitengo ya phaso mukadule m'bulugama mwathu."

Anakanda dothi ndi ndodo.

"Awiri," anatero. "Ndifolere khola la nkhunda?"

Ndinaseka, iwo sanaseke. Ndalama analandira ndi manja awiri, nkuthokoza mwaulemu wouma ngati wa kwa mlendo, basi nkumapita.

Sabata imeneyo zinandiwawa, ndisaname. Nkhaniyi sindinauze wina aliyense koma mwamuna wanga, chifukwa chimene chimapha chibale si kukanako, koma wokanidwayo kukaimva nkhani yake pachitsime. Mwamuna wanga anati ndidikire mtima wawo uzizire. Ine ndinakana. Ukamukaniza munthu nkukhalanso osamuyendera, amati wamutaya kawiri.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinasenza dengu la mbatatesi, ulendo kwawo. Za malata sindinazitchule. Ndinathandiza akazi awo kusenda nandolo, nkumawaseka malume za chipewa chawo chobooka chimene amakana kutaya. Iwo ankangoyankha mwachidule, ine nkumachezabe ngati sindikuona.

Potsanzika anatenga ndodo. Tinanyamuka, ine maso ali pakhola. Titafika pamenepo anaima. Anasuzumira mkati, nkuyang'ana mwendo wa ng'ombe ija, kenako anapitiriza kuyenda.

"Ndagulitsa mbuzi ziwiri," anatero tili m'njira. "Malata akwana asanu ndi atatu ndi ako aja. Ndifolera chipinda chogona chokha, kwinako chaka chamawa. Mvula izindinyowetsa pokhapokha ndikamadya."

Ndinaseka mpaka dengu linagwa. Nawonso anaseka, mano awo atatu onse poyera.

"Ndiwe woumira ngati mayi ako," anatero. "Iyenso ankandikaniza maso ndi maso, koma sanandinamizepo. Umuuze mwamuna wakoyo abwere ndi hamala Loweruka."

Tinafika pamlatho. Ndinatembenuka kuti nditsanzike, koma iwo anali atakwera kale pamitengo ija, akugogoda ndi ndodo. Tsiku limenelo malume anawoloka, nkukandisiya pakhomo panga penipeni.