Kalata Yokana Alangizi Anga

Ndinali nditagwira ntchito ya ukalaliki zaka zitatu pa kampani ina yosoka maovolosi ku Kitwe pamene amayi oyang'anira osoka anapuma pa ntchito. Abwana anandiuza kuti ndilembe chidziwitso chofuna munthu wina, ndipo ndinachimata pa geti. Makalata ofunsira ntchito anayamba kubwera, ine n'kumawalandira ndi kuwaika m'faelo. Tsiku lina m'mawa ndinatsegula envulopu n'kupezamo dzina la alangizi anga.

Amayi amenewa ndi omwe anandilangiza pamene ndinkalowa m'banja. Makolo awo ndi anga anachokera dera limodzi ku Chipata, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi ku Chamboli. Anali telala wa pamsika, wa makina opalasa ndi mapazi, ndipo theka la madiresi a amayi a mumpingo mwathu linadutsa m'manja mwawo. Akandiona ndikulowa m'tchalitchi ankakonza kolala yanga asanandipatse n'komwe moni.

Ndinapita ndi kalatayo kwa abwana.

"Bwana, awa ndimawadziwa. Ndi ngati amayi anga."

"Mwachita bwino kunena," anatero. "Ndiye pa mayeso musakhalepo. Inu mudzangolemba makalata a mayankho."

Anaitana anthu anayi. Tsiku la mayeso alangizi anabwera atavala diresi lawo la buluu, atanyamula satifiketi ya zosoka m'pepala la pulasitiki. Ankandiyang'ana pa windo la ofesi n'kumandimwetulira, ine n'kumayerekeza kuti ndikufunafuna kanthu m'kabati. Ntchitoyo inkafuna munthu wodziwa makina a magetsi, wotha kuwerenga pepala la maoda ndi kugawira osoka khumi ndi awiri zochita za tsiku. Pa msoko palibe anawaposa alangizi. Koma makina a magetsi ankawathawa m'manja, ndipo pepala la maoda linawatengera nthawi yaitali. Anasankhidwa wina, ndipo atavomera ntchitoyo, abwana anabwera pa tebulo langa Lachisanu masana.

"Lembani makalata atatu okana. Lolemba ndisaine. Ya amayi anu aja muikemo mawu ofewa. Munene kuti tasunga dzina lawo, tidzawaitana malo akapezeka."

Ndinasangalala ndi mawu amenewo. Makalata awiri ndinalemba mosavuta. Yachitatu inadzaza tsamba lonse. Ndinayamikira luso lawo, ulemu wawo, zaka zawo pa makina. Ndinalemba kuti kusankha kunali kovuta, kuti kampani ikuyembekeza kukula, kuti posachedwa tidzawafuna. Nditaiwerenganso ndinaona kuti mawu oti sanatengedwe ali kumunsi kwenikweni, obisika pakati pa ziyamikiro, moti munthu akanatha kuimaliza osadziwa ngati wapeza ntchito kapena ayi. Ndinaona kuti ili bwino choncho, n'kuitsekera m'dirowa.

Loweruka masana ndinkachapa kuseri kwa nyumba, amuna anga akumata tayala la njinga pambali panga. Sindinatchule dzina la munthu, poti za ku ofesi sizinenedwa kunyumba. Ndinangoti ndalemba kalata yokana munthu, koma ndaikamo mawu omutonthoza, oti tidzamuitana.

Anasiya kupopa.

"Mudzamuitanadi?"

"Kaya. Ndi mmene timalembera."

Anapukuta manja, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi pepala lopindapinda lomwe linakhala m'Baibulo lawo zaka zambiri. Ndinalidziwa. Mgodi utawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo, anakafunsira ntchito ya zamagetsi pa kampani ina ku Ndola, ndipo yankho lake linali limenelo.

"Werengani mzere wotsiriza, amake mwana."

Unkati dzina lawo lasungidwa ndipo adzaitanidwa posachedwa.

"Mukukumbuka kuti achimwene anandipezera malo ku Solwezi ine n'kukana? Ndinkati a ku Ndola andiitana. Foni ikalira ndinkathamanga ndi sopo kumaso. Ndinakwera minibasi kawiri kukafunsa pa geti pawo, mlonda mpaka anayamba kundimvera chisoni. Miyezi isanu ndi itatu. Amene analemba kalatayi sanali munthu woipa, ankafuna kuti ndisamve kuwawa. Koma akanangoti ayi, ndikanalira tsiku limodzi n'kupita ku Solwezi."

Miyezi imeneyo ndinali nawo m'nyumba momwemo, ndipo ndinkawalimbikitsa kuti adikire. Sindinaganizepo kuti kalatayo inalembedwa ndi kalaliki wonga ine, atakhala pa tebulo longa langa.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi alangizi anandikokera pansi pa mtengo wa mango.

"Mwana wanga, sindikukufunsa za ku ntchito kwako, ndikudziwa kuti sunganene. Koma amayi a chigwirizano akufuna ndiwasokere mabulauzi a msonkhano. Ndawauza kuti adikire kaye, mwina ndikhala ndayamba kwanuko. Ndi benchi langa la kumsika pali wina akulifuna."

Yankho ndinkalidziwa, koma silinali langa kulinena kalata isanasainidwe.

"Amayi, musapereke benchi musanalandire kalata. Ifika mawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Chabwino."

Lolemba ndinafika seveni koloko isanakwane, ndipo abwana atangolowa ndinawatsatira. Anali munthu wa Chibemba, wokonda kuseka, wosafuna kukhumudwitsa aliyense.

"Bwana, ndifunse. Pali malo ena amene atseguke posachedwa?"

"Awe mukwai, palibe. Oda ya ku mgodi ikapanda kubweranso, ngakhale omwe tili nawowa achuluka."

"Nanga akatseguka, mudzatenga amayi aja osawayesa pamodzi ndi ena?"

Anakanda m'mutu. "Tidzalengeza, monga mwa nthawi zonse."

"Ndiye mawu oti tidzawaitana tiwachotse. Iwowo awakhulupirira. Aimitsa kale ntchito ina podikira ife."

Abwana anati, "Koma kalata yopanda kanthu kokoma imaoneka ngati tawathamangitsa."

"Tiikemo zokoma zomwe zili zoona. Ndi chiyani chimene mungachitedi?"

Tinawerengera limodzi, ndipo zinali zochepa. Satifiketi yawo tikanabweza. Malo akadzalengezedwa akanatha kufunsiranso monga wina aliyense. Ndipo abwana anavomera kuti ngati amayiwo angafune kumva mmene mayeso awo anayendera, adzawapatsa mphindi zingapo. Ndinawafunsa kawiri ngati adzachitadi zimenezo, iwo n'kuseka kuti ndayamba kuwayesa mayeso iwowo.

Kalata yatsopano inali ya mizere yochepa. Makalata a kampani ankalembedwa m'Chingerezi, koma ndinapempha kuti ndiikemo pepala lachiwiri la m'Chinyanja, lonena zomwezo, kuti pasakhale mwana wa neba wowawerengera nkhani yawo. Linkati:

"Amayi, tikuthokoza chifukwa chofunsira ntchito ya woyang'anira osoka ndiponso chifukwa chobwera ku mayeso. Tikukudziwitsani kuti sitinakusankheni pa ntchitoyi. Tatenga munthu amene wagwira nthawi yaitali pa makina a magetsi ndi pa mapepala a maoda, zomwe ntchitoyi imafuna kwambiri. Msoko wanu tinauona, ndipo ndi waukhondo ndi wolimba. Pakali pano tilibe malo ena, ndipo sitingalonjeze kuti adzapezeka. Tikadzalengeza ntchito ina muli ndi ufulu wofunsiranso. Ngati mungafune kumva zambiri za mayeso anu, abwana angakuonani Lachinayi lililonse m'mawa mwezi uno. Satifiketi yanu tabweza m'envulopu momwemu. Tikukufunirani zabwino."

Dzina la wosankhidwayo sitinalitchule, ndipo za msinkhu wa alangizi sitinalembemo, chifukwa si zimene zinawalepheretsa. Kenako ndinatulutsa makalata awiri aja. Namonso munali ka mzere kolonjeza kuitana, komwe ndinakalemba mosaganiza. Ndinakachotsa, n'kuikamo mwayi womwewo wa Lachinayi. Abwana anasaina onse atatu, ndipo wamtengatenga wa kampani anakawapereka tsiku lomwelo.

Lamulungu lotsatira alangizi anandipatsa moni wa dzanja basi, wopanda mawu ena. Lamulungu linalo anakhala benchi lakutali. Zinandipweteka, ndipo kangapo ndinafuna kupita kwawo kukapepesa, koma sindinkadziwa kuti ndikapepesa chiyani. Amuna anga anati ndiwasiye, mtima wa munthu wamkulu suthamangitsidwa.

Lachinayi lomaliza la mweziwo ndinamva mawu awo pa geti, akukangana ndi mlonda m'Chibemba. Analowa, anandidutsa osaima, n'kugogoda kwa abwana. Ndinkayembekeza mphindi khumi. Anakhalamo pafupifupi ola lathunthu, ndipo chakumapeto ndinkamva abwana akuseka. Atatuluka anakoka mpando n'kukhala patsogolo pa tebulo langa.

"Chinyanja chija unalemba ndiwe."

"Eya, amayi."

"Ndinadziwa. Ndinakwiya nawe. Ndinati mwana amene ndinamulangiza ndekha sangandiikire ngakhale mawu amodzi oti mwina? Ndinaiwerenga katatu kufunafuna mwina ameneyo. Nditamusowa ndinavala nsapato n'kupita kwa amayi a chigwirizano kukatenga miyeso."

"Mabulauzi aja?"

"Ndatsala ndi asanu. Maso akuwawa." Anatsitsa mawu. "Abwana akowa anena zoona, makina a magetsi anandichititsa manyazi. Ndinangoponda pang'ono, nsalu n'kuthawa ngati yaona njoka. Pali mtsikana wina kumsika ali nawo, ndamuuza kuti azindiphunzitsa masana kukakhala kopanda makasitomala. Osati kuti ndibwerenso kuno, iyayi. Kungoti sindifuna kugonja kwa chitsulo."

Ndinaseka, misozi ili m'maso. Iwo sanaseke. Ankayang'ana mpendero wa siketi yanga.

"Anakusokera ndani iyi?"

"Ndinagula yosokasoka m'tauni, amayi."

"Zikuoneka. Ubwere nayo Loweruka ndidzaisule. Ubwerenso ndi amuna ako, pedulo ya makina anga yayamba kulira."

Loweruka tinapita. Amuna anga anagona chagada pansi pa makina ndi kabotolo ka mafuta, ine nditakhala pa benchi nditamanga chitenje, ndikusokerera mabatani pa mabulauzi otsalawo. Alangizi ankasula siketi yanga ndi lezala, uku akufotokozera telala woyandikana nawo kuti atsikana a m'maofesi sadziwa kugula zovala.