Malangizo a Kampani Ina

Chaka chimene ndinayamba maphunziro a zabizinesi a kumapeto kwa sabata, ndinkakhala ku Chilomoni ndipo ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pasitolo ina ya zomangira nyumba ku Limbe. Alekichala anatiika m'magulu a anthu atatu. M'gulu langa munali bambo ena achikulire otsatsa malonda pakampani ya sopo, amene tinawasankha kukhala tcheya chifukwa anali ndi galimoto, komanso mayi ena a ku Zingwangwa oyang'anira antchito kubungwe lina.

Anatipatsa nkhani ya kampani yopanga madesiki a m'sukulu imene makasitomala ena ankaithawa. Ntchito yathu inali kupeza vuto, kusonyeza umboni, kenako kupereka malangizo. Kufufuzako tinachita bwino ndithu: maoda ankabwera ambiri, madandaulo a makasitomala onse anali okhudza kuchedwa kwa katundu. Titafika pa malangizo tinagawana, aliyense akalembe limodzi kwawo. A tcheya analemba kuti kampani izitsatsa pawayilesi. Mayi aja analemba kuti antchito apite kuwekishopu. Ine ndinalemba kuti bwana wa fakitale achotsedwe, ndipo ndinalemba mokoma kwambiri.

Pepala linabwerako lili ndi mzere umodzi wofiira patsamba lomaliza: "Kufufuza nkwabwino, koma malangizowa ndi a kampani ina. Konzani, mubweretse Loweruka."

A tcheya anati alekichalawo sanagwirepo ntchito kunja kwa kalasi. Ine ndinavomereza. Komabe Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, tinakumana kunyumba kwa mayi aja. Magetsi anali atazima, laputopu ya a tcheya inafa tisanayambe, choncho tinakhala pakhonde ndi mapepala. Mayiwo anang'amba tsamba pakati pa kope najambula mizere itatu: langizo, vuto limene likuthetsa, tsamba limene pali umboni wake. Anati chimene chisowe tsamba chichoke, ndipo anayamba ndi langizo lawo lomwe.

Tinasakatula nkhani yonse osapeza pamene pakuti antchito sadziwa ntchito. Palibe desiki linabwezedwa chifukwa chogwedera. Mayi aja anaseka, nati wekishopu ndi mankhwala amene kuofesi kwawo amapereka pa matenda aliwonse, makamaka ikakhala ya kunyanja. Anaifufuta okha.

A tcheya anamenya nkhondo. Anatifotokozera za mphamvu ya wayilesi kwa nthawi yaitali, mpaka tiyi anazizira. Mayiwo anangowafunsa modekha kuti, "Bambo, kampani ikulephera kupereka madesiki amene anthu aitanitsa kale. Mukaitana anthu ena, mukawapatsa chiyani?" A tcheya anavula magalasi, nawapukuta, nati mwina tilisunge langizolo ngati la m'tsogolo. Tinagwirizana kulemba kuti kutsatsa kudikire mpaka kuchedwa kutatha.

Langa ndinkaliona ngati lolimba, poti katundu akachedwa wolakwa ndani ngati si bwana wa fakitale? Mayi aja anandifunsa ngati ndinawerenga masamba owonjezera akumapeto. Ndinati ndinawadutsamo. Anandipatsa kuti ndiwerenge mokweza. Munali makalata awiri amene bwanayo analembera akuluakulu ake, kuwachenjeza kuti matabwa onse amagula kwa munthu mmodzi, ndipo mvula ikagwa malole a munthuyo satuluka m'nkhalango. Tebulo la manambala la patsamba lotsatira linkasonyeza kuti miyezi imene madesiki ankachedwa ndi yomweyo imene matabwa ankachedwa.

"Achimwene, munthuyu anakulakwirani chiyani?" anatero mayiwo.

Zoona zake nzakuti polemba ndime ija ndinkaona nkhope ya abwana anga a ku Limbe, amene anandikaniza tchuthi cha mayeso. Ndinali nditawachotsa ntchito papepala, ndi chizungu chosalala.

Zimene zinatsala zinali zosasangalatsa konse. Kampani ipeze wogulitsa matabwa wachiwiri, isunge matabwa okwanira mvula isanayambe, ndipo mwezi uliwonse iziwerenga maoda amene afika pa nthawi yake kuti idziwe ngati zasintha. Pa langizo lililonse tinalemba tsamba la umboni, woti alichite, ndi chiopsezo chake, monga matabwa kuwola ngati shedi ikudontha. Pamene nkhaniyo sinanene kanthu, monga mtengo wa wogulitsa wachiwiri, tinalemba poyera kuti sitikudziwa. A tcheya anadandaula kuti pepalalo tsopano likuoneka ngati lolembedwa ndi kalipentala.

Loweruka alekichala anafuna kuti gulu lililonse lifotokoze zimene lasintha. Amene anaimirira m'gulu lathu anali a tcheya, atavala suti. Anauza kalasi kuti iwo monga katswiri wotsatsa malonda anaona msanga kuti kutsatsa kungaphe kampaniyo, ndipo anatilangiza anzawofe kuti titsate umboni. Kalasi inawomba m'manja. Mayi aja ankayang'ana padenga.

Tinakhoza, ngakhale alekichala anatichotsera mamalikisi chifukwa sitinayerekeze njira yathu ndi ina, monga kampaniyo kugula lole yakeyake. Pobwerera a tcheya anatitsitsa pasiteji ya minibasi, nati teremu yotsatira ali okonzeka kutithandizanso.